Kutumiza ndalama kumudzi kuchokera ku Harare: momwe mungadziwire tsamba lomwe likufikitsa makwacha ambiri

Mwezi wa Okutobala ukakwana, mafoni athu kuno ku Harare sapuma. Kumudzi akufuna feteleza, mbewu, ndi ndalama ya aganyu mvula isanagwe. Ine amayi anga ali ku Mulanje, ndipo chaka chilichonse nyengo imeneyi ndimakhala pakhonde kwathu ku Mufakose, foni m'manja, kope pamwendo, ndikufananitsa masamba a pa intaneti a makampani otumiza ndalama. Anzanga a kutchalitchi akhala akundifunsa kuti ndimalemba chiyani m'kopemo. Ndiye ndati ndifotokoze bwinobwino, kuyambira poyamba mpaka ndalama zitafika m'manja mwa wolandira.

Nkhani yonse yagona pa funso limodzi: pa dola iliyonse yomwe yatuluka m'thumba mwanga, amayi agwira makwacha angati? Chaji yomwe kampani yalemba m'zilembo zikuluzikulu siyankha funso limeneli. Reti, mtengo wosinthira dola kukhala kwacha, payokha siyankhanso. Muyenera kuwerengera nokha, ndipo masamu ake ndi apafupi, kakyuleta ya pafoni ikukwanira. Koma tisanafike pa masamu, pali ntchito ina yofunika kuyamba.

Yambani ndi kuchotsa masamba omwe satumiza kuchokera ku Zimbabwe

Mukalemba pa intaneti kuti mukufuna kutumiza ndalama ku Malawi, mutuluka masamba ambirimbiri okongola. Ambiri mwa iwo anapangidwira anthu okhala ku Britain, ku America kapena ku South Africa. Dzina la Zimbabwe mulipeza ndithu, koma lili pa mndandanda wa mayiko olandira. Choncho chinthu choyamba, pezani pomwe palembedwa kuti "Send from" kapena "Sending country", muone ngati Zimbabwe ikusankhika pamenepo. Ngati sikusankhika, tsekani tsambalo, musatayepo bandulo. Ndipo musayerekeze kulembetsa ndi adiresi ya mbale wanu wa ku Joni kuti muzembe. Tsiku lomwe adzakufunseni umboni wa komwe mukukhala, ndalama zikhoza kuimitsidwa zili pakati, inu mulibe poyankhira.

Mukasefa choncho mutsala ndi makampani ochepa. Mayina monga Mukuru, Western Union ndi MoneyGram amapezeka kuno komanso ku Malawi, ndiponso mabanki ena ali ndi njira zawo. Sindikuuzani kuti uyu ndiye wabwino, chifukwa mitengo imasintha, ndipo wotchipa wa lero akhoza kukhala wodula mwezi wamawa. Dziwaninso kuti kuno kawirikawiri tsamba kapena apu ndi poonera mtengo ndi poyambitsira oda, koma madola enieniwo mumakapereka pa kauntala kapena pa kanyumba ka ejenti. Zimenezi zilibe vuto, bola mufunsiretu kuti nthambi yomwe muli nayo pafupi imatumiza kunja, chifukwa nthambi zina ntchito yawo ndi kupereka ndalama zochokera kunja basi.

Kenako fufuzani chiphaso, musanayang'ane n'komwe reti

Apa ndichedwapo pang'ono, chifukwa ndi pomwe atsibweni anga anapsa. Iwo amakhala ku Epworth, ndipo anaikidwa m'gulu lina la pa WhatsApp la munthu yemwe amati amatumiza ndalama ku Malawi pa reti yapamwamba kwambiri. Anali ndi tsamba la pa intaneti, chizindikiro chokongola, ngakhale chithunzi cha satifiketi. Atsibweni anatumiza madola 30 koyamba, anafika. Kachiwiri madola 50, anafikanso tsiku lomwelo. Kachitatu anapereka madola 150 a fizi ya mdzukulu, ndipo kuyambira tsiku limenelo foni ya munthuyo sinayankhidwenso. Anabwera kwathu madzulo, chipewa chili m'manja, n'kunena kuti, "Mphwanga, nanga ndikadandaule kwa yani? Lisiti ndilibe, ofesi yake sindiidziwa." Ndinalibe choyankha. Satifiketi ija titaiyang'anitsitsa, inali yongosonyeza kuti kampani inalembetsedwa dzina, osati chilolezo chogwira ndalama za anthu.

Kuno ku Zimbabwe, wopereka chilolezo kwa makampani otumiza ndalama ndi Reserve Bank of Zimbabwe. Pansi pa lamulo la mu 2015 lotchedwa Statutory Instrument 104, makampani amenewa amalembetsedwa ngati Authorised Dealer with Limited Authority, mwachidule ADLA, ndipo ali m'magulu atatu. A gulu loyamba amaloledwa kulandira ndalama zochokera kunja komanso kutumiza kunja. A gulu lachiwiri amangolandira zochokera kunja. A gulu lachitatu ndi osintha ndalama chabe. Inu wotumiza ku Malawi mukufunika kampani ya gulu loyamba, kapena banki. Kusiyana kumeneku anthu ambiri sakudziwa. Munthu amaona chiphaso chili pakhoma n'kukhutira, osaona kuti chiphasocho sichikulola kutulutsa ndalama m'dziko.

Kafufuzidwe kake ndi aka. Tsikirani pansi penipeni pa tsamba la kampaniyo, kapena tsegulani "Terms and Conditions", mupeze dzina lonse la kampani monga linalembetsedwera. Nthawi zambiri limasiyana pang'ono ndi dzina la pa chikwangwani. Lembani dzinalo m'kope. Kenako lembani nokha `rbz.co.zw` pa foni yanu, osadina linki yomwe munthu wakutumizirani, ndipo funani mndandanda wa ma ADLA omwe banki yaikuluyo imatulutsa. Onani kuti dzina likufanana chilembo ndi chilembo, onani gulu lake, onaninso deti la mndandandawo kuti si wakalekale. Ngati simukuupeza kapena mukukayika, likulu la banki yaikulu lili mu msewu wa Samora Machel m'tauni momwemu, mutha kuimba foni kapena kupita kukafunsa. Safunsa anadya phula.

Tsamba lina lidzakuuzani kuti lili ndi chilolezo cha ku Britain kapena cha ku South Africa. Chikhoza kukhala choona, koma chilolezo chimenecho chimateteza anthu otumiza kuchokera kumeneko. Funso lanu ndi lakuti, amene akulandira madola anga kuno ku Harare ndi ndani, ndipo ali pa mndandanda wa kuno? Makampani akuluakulu a kunja amagwira ntchito kudzera mwa banki kapena kampani ya konkuno, ndiye dzina loyenera kulifufuza ndi la woimirayo. Kumbali ya kwathu ku Malawi, funsani kuti ndalama zikaperekedwa ndi ndani. Akhale banki, Airtel Money, TNM Mpamba, kapena kampani yovomerezedwa ndi Reserve Bank of Malawi. Akakuuzani kuti "mnyamata wathu wa ku Limbe akakumana ndi amayi anu," bwezani chikwama m'thumba.

Pali zizindikiro zina zomwe zimaonekera msanga. Kaloko kaja ka pamwamba pa tsamba sikatsimikiza kuti eni ake ndi okhulupirika, kamangotanthauza kuti zomwe mukulemba sizikuwerengedwa ndi anthu ena m'njira, ndipo akuba nawonso amakhala nako. Kampani yovomerezeka siuza kasitomala kuti alipire ku nambala ya EcoCash ya munthu payekha. Imakufunsani chitupa kapena pasipoti, nthawi zina umboni wa komwe mukukhala ndi komwe ndalama zachokera, makamaka zikachuluka. Ndikudziwa kuti ena mwa ife, ana ndi zidzukulu za omwe anabwera kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi nthawi ya chitaganya cha 1953 mpaka 1963, nkhani ya mapepala ndi yowawa, ndipo yemwe sakufunsa chitupa amaoneka ngati wachifundo. Koma yemwe sakufuna kudziwa kuti ndinu ndani, nayenso sakufuna kuti mumudziwe. Ngati mapepala anu sanalongosoke, kuli bwino mbale wodalirika wa m'nyumba mwanu yemwe ali ndi chitupa alembetse m'dzina lake, anene zoona akafunsidwa kuti ndalama ndi za ndani, ndipo lisiti musunge.

Pezani reti yoyezera

Tsopano mwatsala ndi makampani awiri kapena atatu ovomerezeka. Kuti muone yemwe akudya zambiri, mukufunika muyeso wosachokera kwa iwo. Tsegulani `rbm.mw`, tsamba la Reserve Bank of Malawi, pomwe amaika mitengo ya ndalama zakunja. Pa mzere wa USD mupeza mtengo wogulira ndi wogulitsira. Ngati wapakati sunalembedwe, phatikizani iwiriyo n'kugawa ndi 2. Imeneyo ndiye reti yanu yoyezera ya tsikulo.

Musagwiritse ntchito reti yomwe munaimva chaka chatha. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene anatumiza masiku amenewo akuloweza reti yakale sakanadziwa ngati apatsidwa zoyenera kapena ayi.

Tonse tikudziwa kuti kwathu ku Malawi madola amasowa, ndipo mtengo wa mumsewu umakhala pamwamba kuposa wa banki. N'chifukwa chake anthu amakopeka ndi mavenda a ndalama kapena kupatsira munthu wa pa basi yodutsa ku Nyamapanda, Tete ndi Mwanza. Kusintha ndalama mumsewu n'kosaloledwa ndi malamulo, ndipo envelopu ikasowa m'njira palibe pogwira. Komabe kusiyana kwa mitengoku kuli ndi phunziro kwa ife ofananitsa masamba. Mukapeza kampani ikupereka reti yoposa ya banki yaikulu, musathamangire kunena kuti ndi akuba, komanso musathamangire kulipira. Bwererani ku chiphaso chija mukachitsimikize kawiri. Reti yoyezera ndi ndodo yongokuthandizani kuona kutalikirana kwa makampani, wopambana ndi yemwe akufikitsa makwacha ambiri ali wovomerezeka.

Funsani onse funso limodzimodzi, nthawi imodzi

Apa ndi pomwe ambiri timasokonezeka. Tsamba lina mukalemba 200, limawonjezera chaji pamwamba, mulipire 210. Lina limachotsa chajiyo mkati, litumize 190. Mukafananitsa makwacha a masamba awiriwa osaona zimenezi, mukhala mukuyeza thumba lodzadza ndi thumba losadzadza. Njira yake ndi kuyamba ndi ndalama yomwe muli nayo m'thumba. Ngati muli ndi madola 200, sinthani nambala yomwe mukulemba mpaka pa "Total to pay" paoneke 200 ndendende, kenako lembani m'kope zomwe zili pa "Recipient gets". Chitani zimenezi pa masamba onse mkati mwa ola limodzi, chifukwa reti imatha kusuntha tsiku lomwelo. Sankhaninso njira yolandirira yomwe mudzagwiritsedi ntchito, popeza kampani imodzi yomweyo imatha kukhala ndi mtengo wosiyana pa ndalama yolandirira pa kauntala, ya pafoni, ndi ya ku akaunti ya banki.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Manambala otsatirawa ndawasankha ine kuti masamu aoneke bwino, si mitengo ya kampani ina iliyonse. Tinene kuti reti yoyezera lero ndi K1,750 pa dola. Madola 200 akanati awoloke opanda wodyapo aliyense, akanakhala K350,000.

Kampani yoyamba yalemba m'zilembo zazikulu kuti kutumiza ndi kwaulere. Reti yake ndi K1,600. Madola onse 200 apita, ndipo amayi alandira K320,000. Kampani yachiwiri ikudula madola 10, koma reti yake ndi K1,740. Atsala madola 190, omwe akupereka K330,600. Kampani yachitatu ikudula madola 5 pa reti ya K1,690, ndiye madola 195 akupereka K329,550.

Taonani zomwe zachitika. Ya ulere ija ndiyo yafikitsa zochepa kuposa onse. Pa dola iliyonse yasunga K150, kusiyana kwa K1,750 ndi K1,600, ndipo pa madola 200 ndiye K30,000. Phindu lake inalibisa mu reti, pomwe maso a munthu wothamanga safika. Kampani yachiwiri, yomwe chaji yake inaoneka yowopsa, yadya K19,400 yokha mukaphatikiza chaji ndi reti. Yachitatu yadya K20,450.

Ngati mukufuna kuziona m'maperesenti, masamu ake ndi awa:

```
(350,000 - 320,000) / 350,000 x 100 = 8.6
(350,000 - 330,600) / 350,000 x 100 = 5.5
(350,000 - 329,550) / 350,000 x 100 = 5.8
```

Nambala imeneyi ndiyo mtengo weniweni wa kutumiza. Kuti mukhale ndi pofanizira, kafukufuku wa World Bank wakhala akusonyeza kuti pa dziko lonse kutumiza madola 200 kumadya pafupifupi 6 peresenti, ndipo kutumiza ku mayiko a ku Africa kuno kumadula kuposa madera ena onse. Mayiko anagwirizana kuti pofika 2030 mtengowu utsike kufika pansi pa 3 peresenti. Choncho mukawerengera n'kupeza 9 kapena 10 peresenti pa madola 200, ndi bwino kuyang'ananso kwina musanalipire.

Chenjerani ndi reti ya mlendo. Masamba ena amapereka reti yabwino kapena kuchotsa chaji pa ulendo woyamba wokha. Igwiritseni ntchito ngati kampaniyo ndi yovomerezeka, palibe cholakwa, koma ulendo wachiwiri werengeraninso. Musamange ubale ndi kampani chifukwa cha mtengo wa tsiku lolandirira alendo.

Wotchipa pa 200 sakhala wotchipa pa 50

Chinthu ichi ndinachizindikira mochedwa. Tiyerekeze kuti machaji aja sasintha ngakhale ndalama ichepe, ndipo mukufuna kutumiza madola 50 okha a mankhwala. Pa reti yoyezera ndi K87,500. Kampani yoyamba ifikitsa K80,000. Yachiwiri ichotsa 10, madola 40 apereke K69,600. Yachitatu ichotsa 5, madola 45 apereke K76,050. Mndandanda watembenuka. Kampani yachiwiri, yomwe inapambana pa madola 200, yakhala yomaliza, ndipo yadya kupitirira 20 peresenti, kutanthauza kuti pa madola asanu alionse imodzi yatsala m'njira.

Chifukwa chake n'chakuti chaji yokhazikika imalemera pa ndalama yochepa, pomwe reti yoipa imaluma kwambiri ndalama ikachuluka. Pa chitsanzo chathuchi, kampani yoyamba ndi yachiwiri zimafanana mukafika cha pa madola 125. Pansi pa pamenepo yoyamba ndiyo yabwino, pamwamba pake yachiwiri. Makampani ena amadula mwa peresenti, ena ali ndi masitepe, mwachitsanzo chaji imodzi kuyambira 1 mpaka 100 ndi ina kuyambira 101. Mukakhala pafupi ndi malire a sitepe, yesani kuchepetsa ndi dola imodzi kapena awiri muone ngati chaji itsika.

Apa pali nkhani yokambirana ndi a kumudzi. Ngati chaji ndi yokhazikika, kutumiza madola 200 kamodzi kumafikitsa zambiri kuposa kutumiza madola 50 kanayi. Koma inu ndinu amene mukudziwa banja lanu. Pali makomo ena omwe ndalama ikafika yambiri nthawi imodzi, abale onse amamva fungo ndipo sabata silitha. Pamenepo kulipira chaji kawiri kukhoza kukhala kwanzeru. Ine ndi amayi tinagwirizana kuti ya feteleza ipite yonse nthawi imodzi ndipo agule tsiku lomwelo, pomwe ya pakhomo ndimatumiza kamodzi pamwezi m'malo mwa sabata iliyonse.

Ndalama zomwe tsamba silikuonetsani

Nambala ya pa "Recipient gets" si mapeto a ulendo. Chaka china ndinasankha njira yolandirira pa kauntala chifukwa inkapereka makwacha ochulukirapo pang'ono. Madzulo amayi anaimba. "Mwanawe, ndalama ndalandira, zikomo. Koma ndadzuka m'mamawa, kabaza mpaka pamsewu, minibasi mpaka pa boma, ndaima pa mzere mpaka masana. Miyendo iyi si ya kale." Ndinamva chisoni kwambiri. Ndinawerengera zonse kupatula ulendo wa munthu wachikulire.

Ndiye onjezerani mzere wina m'kope. Tibwerere ku madola 200 aja, manambala akadali achitsanzo. Tinene kuti kampani yachiwiri imapereka pa kauntala pokha, ndipo ulendo wopita ndi kubwera ku boma ndi K8,000. Zotsala ndi K322,600. Kampani yachitatu imalowetsa mu Airtel Money kapena Mpamba, ndipo kutapa kwa ejenti wa pamsika wapafupi kudya K4,000. Zotsala ndi K325,550. Kampani yoyamba nayo ndi ya pafoni, ndiye pa K320,000 patsala K316,000. Gawani chilichonse ndi madola 200 omwe munatulutsa, mupeza K1,580 pa dola kwa yoyamba, K1,613 kwa yachiwiri, ndi K1,628 kwa yachitatu. Yachitatu, yomwe sinapambane pa chaji kapena pa reti, ndiyo yafikitsa zambiri m'manja mwa amayi, ndipo sanakwere galimoto.

Mtengo weniweni wa kutapa muupeza pa pepala la mitengo lomwe limapachikidwa kwa ma ejenti, wolandira akhoza kulijambula n'kukutumizirani. Funsaninso zinthu ziwiri. Akaunti ya pafoni ili ndi malire a ndalama yomwe ingasunge ndi yomwe ingatuluke patsiku, ndipo ndalama ikaposa malirewo imakanidwa kapena kuchedwa. Komanso ejenti wa kumudzi sakhala ndi ndalama zambiri m'kabati nthawi zonse, makamaka nyengo ya feteleza pomwe aliyense akutapa. Kumuuziratu dzulo lake kumathandiza. Ngati wogulitsa feteleza amalandira malipiro a pafoni, kutapa sikufunikanso.

Kumbali ya kuno, yang'anani momwe mulipirire. Mukalipira ndi khadi kapena kuchokera mu akaunti, pamakhala msonkho wa IMTT, uja unayamba kudulidwa pa 2 peresenti mu Okutobala 2018 ndipo boma lakhala likuusinthasintha. Pa 2 peresenti, madola 200 ndi madola 4, kuphatikizapo zomwe banki yanu imadula. Funsani ngati zili kale mkati mwa "Total to pay" kapena zidzachotsedwa padera, ndipo mukatha kulipira onani uthenga wa banki kuti mwatsala ndi zingati. Ngati ndalama zanu zili mu ZiG, ndalama yomwe inayamba mu Epulo 2024, funsani kaye ngati kampaniyo imailandira potumiza kunja. Kusintha ZiG kukhala dola, kenako dola kukhala kwacha, ndi kudulidwa kawiri, ndipo zonse ziwiri ziyenera kulowa m'masamu anu. Wolipira ndi ndalama za m'manja atenge manotsi abwino, osang'ambika, ndi madola ang'onoang'ono okwanira, chifukwa vuto la chenji la mu Harare tonse tikulidziwa. Kombi yopita m'tauni ndi kubwera nayonso ndi ndalama, iwerengeni.

Polemba za wolandira ndi polipira

Mwasankha kampani. Musanalembe chilichonse, uzani wolandira ajambule chitupa chake cha unzika akutumizireni, ndipo koperani dzina monga lilili pamenepo. Ife timaitana makolo ndi mayina a mfunda kapena a ana awo, Nangozo, Make Chikondi, koma wa pa kauntala amayang'ana chitupa. Chilembo chimodzi chikasiyana, munthu amabwezedwa atayenda kale ulendo wonse.

Nambala ya foni iyambe ndi +265 ndipo ziro woyamba achotsedwe. Ya Airtel yoyamba ndi 099 ikhala +265 99, ya TNM yoyamba ndi 088 ikhala +265 88. Onetsetsani kuti mwasankha kampani ya foni yogwirizana ndi nambalayo, ndiponso kuti nambalayo inalembetsedwa m'dzina la wolandira. Kumudzi foni imodzi imatha kukhala ya banja lonse, simu ili m'dzina la mdzukulu. Werengani nambalayo kawiri mokweza. Ndalama ikalowa pa nambala ya munthu wina n'kutapidwa, kuibweza ndi ntchito yaikulu.

Pa tsamba lomaliza musanadine kuvomera, jambulani sikirini yonse, poonekera chaji, reti ndi makwacha olandira. Onani ngati reti yatsekeredwa, ndipo kwa nthawi yaitali bwanji. Mukapanga oda pa foni m'mawa n'kukalipira madzulo, nthawi yake itadutsa, reti ikhoza kukhala ina. Pa kauntala fananitsani lisiti ndi chithunzi chija musanachoke. Ngati ndi kampani yomwe simunaigwiritsepo ntchito, yambani ndi ndalama yochepa kuti muone liwiro lake ndi momwe amayankhira foni. Koma kumbukirani atsibweni anga: kufika kwa ndalama yoyesera sikulowa m'malo mwa chiphaso.

Lisiti lili ndi nambala yolondolera ndalama. Ku Western Union imatchedwa MTCN ndipo ili ndi manambala 10, ya MoneyGram ili ndi 8. Nambala imeneyi muuze wolandira yekha, pa foni kapena pa uthenga wa iye yekha, osaiponya pa gulu la banja. Muchenjezeninso kuti wina akaimba kunena kuti ndi wa kampani ndipo akufuna PIN kapena ndalama "yotsegulira", adule foni. Wolandira salipira kanthu kuti ndalama yake imasulidwe.

Ndalama ikachedwa kupitirira nthawi yomwe analonjeza, lowetsani nambala ija pa tsamba muone pomwe yaima. Kawirikawiri vuto limakhala dzina losiyana, malire a akaunti ya pafoni, kapena kampani ikufuna chikalata china kwa inu. Imbani pa nambala yomwe ili pa lisiti, osati yomwe mwaipeza pa Facebook, ndipo pemphani nambala ya dandaulo lanu. Lembani deti, nthawi ndi dzina la yemwe mwalankhula naye. Mukapempha kuti akubwezereni, funsani ngati chaji ibwerera komanso ngati abweza madola omwewo. Akapanda kukuthandizani, tengani lisiti, chithunzi cha sikirini ndi nambala ya dandaulo mupite nazo ku Reserve Bank of Zimbabwe, omwe anawapatsa chiphaso.

M'kope langa tsamba lililonse lili ndi mizere isanu ndi umodzi: deti, kampani, madola onse omwe ndatulutsa, makwacha a pa lisiti, makwacha omwe amayi agwira atatapa, ndi makwacha pa dola. Mzere wachisanu ndimaudzaza madzulo, amayi akaimba kuchokera kwa ejenti n'kuwerenga ndalamazo ndikumva. Ulendo wotsatira ndisanatsegule tsamba lililonse ndimayamba ndayang'ana mzere womalizawo, kenako n'kufunsanso makampani onse atatu mtengo wa tsikulo.